Kulemba ndemanga ya chionetsero cha zaluso: weruzani kakonzedwe, osati zithunzi zokha

Ndemanga zambiri za zionetsero zimene timawerenga kuno ku Lusaka zimangoyenda m'mbali mwa khoma. Wolemba amayamba ndi chithunzi choyamba, n'kunena kuti mitundu yake ndi yowala, amapita pa chachiwiri n'kunena kuti nkhope ya mayiyo ikugwira mtima, mpaka kukafika pakhomo lotulukira. Akamaliza, wowerenga amadziwa zithunzi khumi, koma chionetserocho sanachione. Zili ngati kuyamikira tomato, anyezi ndi mafuta payekhapayekha osalawa ndiwo zimene zaphikidwa.

Chionetsero chili ndi mwini wake. Pali munthu amene anasankha zoti zilowe ndi zoti zitsale, anaganiza choti muone poyamba, chithunzi chiti chikhale pafupi ndi chiti, mawu otani alembedwe pakhoma, ndiponso getsi liloze kuti. Munthuyo ndi wokonza chionetsero, amene a zaluso amamutcha kyureta. Ntchito yake ndi imene malangizowa akufuna kuti muphunzire kuiona ndi kuiweruza.

Kuti tisamangolankhula m'malere, tiyerekeze chionetsero chimodzi chimene tiyende nacho mpaka kumapeto. Si chionetsero chenicheni, ndachipeka kuti tiphunzirirepo. Chili m'zipinda ziwiri, muli ntchito 24 za aluso 9, ndipo chikwangwani cha pakhomo chikunena kuti chikusonyeza mmene misika ya Lusaka yasinthira kuchokera mu 1964 mpaka lero.

Choyamba, pezani lonjezo la chionetserocho

Musanayang'ane chithunzi chilichonse, werengani mutu, mawu a pakhoma lolowera ndi kapepala kamene akugawa pakhomo. Kenako lembani m'kope lanu chiganizo chimodzi, m'mawu anuanu: chionetserochi chikundilonjeza chakuti. Pa chitsanzo chathu, lonjezo lili ndi mbali zitatu. Ndi misika, ndi ya Lusaka, ndiponso pali kusintha kwa zaka zoposa 60. Liwu lolemera pamenepa ndi kusintha. Wokonza akanangonena kuti ndi zithunzi za misika, bwenzi ntchito yake itapepuka. Koma wanena kuti tiona kusintha, ndiye wadzimangirira yekha kuti ationetse zakale, zapakati ndi zatsopano.

Lonjezoli ndilo muyeso wanu. Musaweruze chionetsero ndi chimene inuyo mukanakonza mukanapatsidwa chipindacho. Chiweruzeni ndi chimene chanena chokha kuti chichita. Pambuyo pake mukhoza kufunsanso ngati lonjezolo linali loyenera kulivutikira, koma limenelo ndi funso lachiwiri.

Muyeneranso kudziwa mtundu wa malo amene mwalowa, chifukwa lonjezo limasiyana. Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996 mumsewu wa Independence, ndi nyumba ya dziko, ndipo ikaika zinthu pamodzi imakhala ikufotokoza mbiri ya anthu onse. Lechwe Trust, imene inayamba mu 1986, imasonkhanitsa ndi kusunga ntchito za aluso a m'Zambia, choncho funso kumeneko limakhala loti pa zonse zimene amasunga asankha ziti, ndipo chifukwa chiyani. Ku nyumba yoonetsera zaluso ya Henry Tayali ku Showgrounds mukhoza kupeza chionetsero cha gulu, chimene aluso ambiri abweretsa ntchito zawo ndipo zina n'zogulitsa. Chionetsero chotero simungachidzudzule kuti chilibe mfundo imodzi ngati sichinalonjeze mfundo imodzi. Komabe ngakhale pamenepo pali amene anasankha khoma la aliyense, ndipo zimenezo mukhoza kuziweruza.

Chachiwiri, yendani kawiri, ndipo osati tsiku lotsegulira lokha

Tsiku lotsegulira muli anthu, zakumwa, malankhulidwe ndi moni wosatha. Mumaona misana ya anthu kuposa zithunzi. Pitani ndithu ngati mwaitanidwa, koma mubwerere tsiku lina m'kati mwa sabata, chipinda chili phee.

Ulendo woyamba yendani ngati mlendo wamba, kope lili m'thumba. Ingosungani m'mutu zinthu zitatu: chimene diso lanu lagwerapo mutangolowa, mbali imene mapazi anu akhotera, ndi pamene mwayamba kutopa. Ulendo wachiwiri tulutsani kope ndipo mujambule mapu a chipindacho. Safunika luso: makoma anayi, zitseko, mawindo, ndi nambala pa malo a ntchito iliyonse. Pambali pa nambala lembani dzina la mwini, chaka, chimene anagwiritsa ntchito ndi kukula kwake mongoyerekeza. Ngati akulola kujambula ndi foni, jambulani makoma athunthu muli pakona, osati chithunzi chimodzichimodzi. Mukafika kunyumba, chithunzi cha khoma lonse n'chimene chidzakukumbutseni zimene zinayandikana.

Chachitatu, werengetsani zimene zasankhidwa

Apa m'pamene ndemanga imapeza mafupa. Tengani mapu aja muwerengetse. M'chionetsero chathu, pa ntchito 24, zitatu zokha n'zimene zinapangidwa chisanafike chaka cha 1990. Zina 21 zonse n'za pambuyo pa 2010. Pakati pake palibe kanthu.

Mpata umenewu si waung'ono kwa munthu wodziwa Lusaka. Boma litasintha mu 1991 ndipo malonda atamasulidwa, salaula anachuluka, ogulitsa anadzaza m'misewu ya m'tauni, ndipo anthu ambiri amene anataya ntchito m'makampani a boma anayamba kudalira kantemba. Ngati pali nthawi imene misika ya mzinda uno inasintha nkhope, ndi imeneyo. Chionetsero cholonjeza kusintha chimene chadumpha zaka zimenezi chasiya pakati pa nkhani yake. Mwapeza mfundo yoti mulembe, ndipo mwaipeza ndi kuwerengetsa, osati ndi kukonda kapena kusakonda.

Werengetsaninso aluso. Mwa 9 aja, 8 ndi amuna, pamene pafupifupi chithunzi chilichonse chikuonetsa amayi ogulitsa. Izi sizitanthauza kuti zithunzizo n'zoipa. Zikutanthauza kuti chipindacho chadzaza ndi amayi oyang'anidwa, ndipo mayi woyang'ana ndi mmodzi yekha. Funso lanu likhale loti kodi wokonza anaziona zimenezi n'kuzitchula penapake, kapena zinangomudutsa. Onaninso misika imene yasankhidwa. Ngati zonse ndi Soweto ndi City Market, nanga Mtendere, Chawama ndi Matero, kumene anthu ambiri amagula ndiwo za tsiku ndi tsiku, zili kuti?

Chenjezo lili pano. Kutchula zosowa n'kosavuta, ndipo wolemba waulesi akhoza kudzaza tsamba ndi mayina a amene sanaikidwe. Tchulani chosowa pokhapokha ngati kusowa kwake kukuphwanya lonjezo lija. Kusowa kwa zaka za m'ma 1990 kukuphwanya. Kusowa kwa mnzanu wojambula bwino sikukuphwanya.

Chachinayi, yang'anani zoyandikana ndi dongosolo loyendera

Luso lenileni la wokonza limaonekera pa mpata wa pakati pa ntchito ziwiri. Imani patsogolo pa ntchito ziwiri zoyandikana n'kudzifunsa kuti: kodi ichi chikusintha mmene ndikuonera icho?

M'chipinda choyamba cha chitsanzo chathu muli kachithunzi kodinda, kakuda ndi koyera, ka m'ma 1970. Mayi wakhala pansi, patsogolo pake pali timilu ta tomato, ndipo dzanja lake lili pa mfundo ya chitenje pamene wamangirira ndalama. Pambali pake, pa msinkhu womwewo, wokonza waika chithunzi cha kamera cha chaka chatha: mtsikana m'kanyumba kotumizira ndalama pa foni, chala chili pa batani. Kukula kwa zithunzizi n'kofanana, ndipo manja awiriwo ali pa mzere umodzi. Diso limachoka pa mfundo ya chitenje n'kugwera pa foni popanda wokuuzani. Chithunzi chilichonse pachokha ndi cha munthu wogulitsa. Zikakhala pamodzi zikunena za kumene ndalama ya pamsika imasungidwa, kale ndi lero. Tanthauzo limenelo sanalipange wojambula woyamba kapena wachiwiri. Analipanga ndi amene anaziyandikanitsa, ndipo ndemanga yanu iyenera kumupatsa ulemu wake pomutchula.

Tsopano dongosolo. Mutangolowa, khoma loyang'anana ndi chitseko lili ndi chithunzi chachikulu cha penti wa mafuta, chotalika mamita awiri, cha moto umene unapsereza City Market mu 2017. N'champhamvu, ndipo n'zomveka kuti wokonza anafuna kukugwirani nacho. Koma taonani zimene chachita. Chameza tizithunzi titatu takale timene tili kumanzere kwa chitseko, moti anthu ambiri akulunjika pa moto, n'kukhotera kumanja, osationa n'komwe. Nkhani ya kusintha yayambira kumapeto. Mungatsimikize bwanji kuti si inu nokha? Khalani pakona kwa mphindi 15 muone mmene alendo ena akuyendera. Ngati ambiri akudutsa tizithunzi tija, mwaona ndi maso anu ndipo mukhoza kulemba molimba mtima.

Chachisanu, msinkhu, kuwala ndi mawu a pakhoma

Izi ndi zing'onozing'ono, ndipo musazipatse ndemanga yonse, koma muyenera kuzidziwa. Nyumba zambiri zoonetsera zimapachika zithunzi kuti pakati pa chithunzi pakhale pa masentimita pafupifupi 150 kuchokera pansi, pamene pali maso a munthu wamkulu ataimirira. Chithunzi chikakwezedwa kapena kutsitsidwa kwambiri, funsani ngati n'cholinga kapena malo anangochepa. Kupachika zithunzi zambiri mothithikana mpaka kudenga kukhoza kukhala nzeru pa chionetsero cha misika, chifukwa kumabweretsa piringupiringu wa pamsika m'chipinda. Kukhozanso kukhala kulephera kukana ntchito za anthu. Kusiyana kwake mumakuona poyang'ana ngati kuthithikanako kuli ndi malo ake, kwina n'kupatsidwa mpata wopumira, kapena kuli paliponse mofanana.

Pa kuwala, ntchito za papepala monga zodinda ndi za penti wamadzi zimafwifwa msanga. Osunga zinthu zakale amaziika pa kuwala kochepa, pafupifupi 50 pa muyeso wa kuwala wotchedwa laksi, pamene za penti wa mafuta zimapirira mpaka pafupifupi 200. Simufunika chipangizo choyezera. Mukaona dzuwa la masana likugwera pa kachithunzi ka papepala ka zaka 50, dziwani kuti kakuwonongeka, ndipo zimenezo n'zoyenera kulemba. Galasi likamanyezimira moti mukudziona nokha m'malo moona chithunzi, getsi laloza molakwika. Chosema nacho chimafuna kuzunguliridwa. M'chitsanzo chathu muli wilibala ya zitsulo zakutha imene yagunditsidwa kukhoma, ndiye mbali imodzi yatayika.

Mawu a pakhoma ndiwo ofunika kuwakhalira pansi. Kapepala ka pambali pa ntchito kayenera kukhala ndi dzina la mwini, mutu, chaka ndi zimene anapangira. M'chionetsero chathu timapepala 7 tilibe chaka, koma mtengo walembedwa ndi zilembo zazikulu. Pa chionetsero chogulitsa chabe, zimenezi zikanapita. Pa chionetsero cha kusintha kwa nthawi, kusowa kwa chaka kukumulanda mlendo chida chokhacho choonera kusinthako.

Onaninso chilankhulo. Ngati zonse zili m'Chingerezi chovuta cha kuyunivesite, mayi wa ku Soweto amene nkhope yake ili pakhomapo akhoza kulowa osamva zimene zalembedwa za iye. Kusaika Chinyanja kapena Chibemba ndi chisankho, ndipo chimasonyeza mlendo amene wokonza ankamuyembekezera. Nkhani imeneyi imakula kwambiri mukapeza zinthu za mwambo. Chigoba cha Gule Wamkulu chikaikidwa pa thabwa ngati chosema wamba, popanda kunena kumene chinachokera, mmene chinafikira pamenepo ndiponso ngati eni mwambo anafunsidwa, Mchewa aliyense amene anafikako ku Kulamba ku Mkaika amadziwa kuti pali china chachotsedwa. Wolemba ndemanga asachite manyazi kufunsa mafunso amenewo.

Chachisanu ndi chimodzi, siyanitsani chisankho ndi chopinga

Apa m'pamene chilungamo cha wolemba chimayesedwa. Si chilichonse cholakwika m'chipinda chimene wokonza anachifuna. Kuno ndalama za zionetsero n'zochepa, magetsi amazima, nyumba zina sizinamangidwe kuti zikhale zoonetsera zithunzi, ndipo ntchito zambiri zakale zili m'manyumba mwa anthu, m'mabanki ndi kunja kwa dziko, kumene kubwereka n'kovuta.

Choncho musanalembe, mufunseni wokonzayo. Mafunso akhale achindunji ndi aulemu: "Amayi, ndaona kuti palibe ntchito ya m'ma 1990. Kodi munazisiya dala, kapena sizinapezeke?" Tiyerekeze kuti akuyankhani kuti anapempha zithunzi ziwiri kwa munthu wina amene anakana kubwereketsa. Yankho limeneli likusintha chiweruzo chanu, koma silikuchifafaniza. Simunganenenso kuti sanaganizire zaka zimenezo. Mukhoza kunena kuti, atadziwa kuti zithunzizo sizibwera, anali ndi njira ziwiri: kuchepetsa lonjezo la pachikwangwani, kapena kulemba pakhoma kuti pali mpata ndi chifukwa chake. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi, ndipo chimenecho ndiye chisankho chake.

Zimene wakuuzani muzilembe monga mawu ake, koma musalole kuti zilowe m'malo mwa zimene chipinda chikuonetsa. Mlendo wamba sadzakhala ndi wokonza pambali pake womufotokozera. Ngati mfundo ikumveka pokhapokha mwini wake ataifotokoza pakamwa, ndiye kuti pakhoma sinafike.

Tsopano lembani

Ndime yoyamba inene malo, masiku, dzina la wokonza, lonjezo ndi chiweruzo chanu. Musabise chiweruzo mpaka kumapeto. Kenako sankhani malo atatu kapena anayi m'chipindamo amene akuchitira umboni chiweruzocho. Ntchito zina zonse zisiyeni, ngakhale zokongola. Pa ntchito 24, ndemanga ya mawu 800 ikhoza kukhala bwino itatchula 6 zokha.

Pali njira yoyesera chiganizo chilichonse chimene mwalemba. Dzifunseni kuti: kodi chiganizochi chikanakhalabe choona chithunzichi chikanakhala m'nyumba mwa mwini wake, osati m'chionetserochi? Ngati yankho ndi inde, mwalemba za chithunzi. Ngati ndi ayi, mwalemba za kakonzedwe. Mitundu iwiri yonseyi imafunika, chifukwa wowerenga ayenera kuchiona chithunzicho m'maganizo asanamve zimene malo ake achita. Koma ziganizo za mtundu wachiwiri zikhale zosachepera theka.

Taonani kusiyana kwake. Wina angalembe kuti: "Chithunzi cha moto wa ku City Market n'chochititsa mantha, ndipo utsi wake ukuoneka ngati weniweni." Izi n'zoona kulikonse kumene chithunzicho chingapachikidwe. Tsopano yerekezani ndi izi: "Chithunzi cha moto wa ku City Market chaikidwa moyang'anana ndi chitseko, ndipo chimakoka aliyense wolowa. Zotsatira zake n'zakuti tizithunzi titatu ta zaka zoyambirira za ufulu, timene tikanayamba nkhaniyi, tatsala kumbuyo kwa mlendo. Chikanakhala m'chipinda chachiwiri, tikanafika pa motowo titadziwa kale msika umene ukupsa." Chitsanzo chachiwirichi chatchula chisankho, chanena zotsatira zake, ndipo chasonyeza njira ina imene inalipo. Zitatu zimenezi ndizo zimapanga chiweruzo cha kakonzedwe.

Samalani ndi mneni amene mukugwiritsa ntchito, kuti mlandu kapena ulemu upite kwa mwini wake. Wojambula anajambula, anasema, anadinda. Wokonza anasankha, anasiya, anayandikanitsa, anapachika, analemba. Mukasokoneza, mudzadzudzula wachinyamata wojambula chifukwa cha getsi limene sanaliike ndi iye. Ngati chikwangwani sichikutchula wokonza, funsani pa desiki. Ngati akuti ndi komiti, lembani kuti komiti. Ngati waluso wadzikonzera yekha chionetsero chake, monga zimachitika kawirikawiri kuno, muweruzeni pa ntchito ziwirizo mosiyanitsa, chifukwa munthu akhoza kukhala katswiri wa burashi koma wolephera kusiya kunyumba zithunzi zake zofooka.

Pewani mawu ongoyamikira opanda umboni, monga akuti chionetserocho chakonzedwa mwaluso. Mwaluso pati? Lozani khoma. Chimodzimodzi podzudzula: musanene kuti n'chosokonekera, nenani kuti chipinda chachiwiri chasakaniza zaka popanda chizindikiro, ndipo timapepala 7 tilibe chaka.

Anthu a zaluso mu Lusaka ndi ochepa ndipo amadziwana. Amene mukumulemba lero mudzakumana naye pa chionetsero cha mwezi wamawa, mwinanso ndi amene anakuphunzitsani. Izi zimachititsa olemba ambiri kuthawira ku kuyamikira zithunzi, chifukwa kumeneko sakhumudwitsa munthu. Njira yabwino ndi kulemba zokhazo zimene mungathe kuzinena pamaso pake mutaimirira naye patsogolo pa khomalo, chala chikuloza. Ngati wokonzayo ndi mnzanu wapamtima, wachibale, kapena munathandizako pa chionetserocho, nenani zimenezo m'ndemangamo kapena mupatse wina alembe.

Musanatumize, bwererani ku mapu anu mutsimikize kalembedwe ka dzina lililonse, chaka chilichonse ndi chiwerengero chilichonse. Mukalemba kuti timapepala topanda chaka ndi 7 pamene ndi 5, wokonza adzagwira pamenepo ndipo mfundo yanu yonse idzagwa nayo. Yesetsaninso kuti ndemanga ituluke chionetsero chisanatsekedwe, ndipo pansi pake muike tsiku lotsekera ndi maola otsegulira, kuti wowerenga apite akaime pakhomo paja, aone yekha ngati moto uja ukumezadi tizithunzi ta kumanzere.